Kalata yosiyirana ntchito: mlatho ndi msewu wa girevulo ku Phalombe

Kwa: Injiniya amene mukutenga malo anga
Kuchokera kwa: Injiniya wa pa saiti amene ndikuchoka
Tsiku: Lachisanu, 24 Okutobala

Achimwene,

Lolemba ndikuyamba ntchito ku pulojekiti ya ku Kasungu, choncho saiti ino ili m'manja mwanu kuyambira pa 27 Okutobala. Dzulo tinayendera limodzi mothamanga, ndiye ndati ndilembe zonse kuti pasakhale chodalira kukumbukira. Makiyi a ofesi, buku la tsiku ndi tsiku ndi mapulani ndasiyira kapitawo.

Pamene tafika: zipupa ziwiri za m'mbali mwa mlatho zatha, chipilala cha pakati chaima, ndipo zitsulo za silabu ya pamwamba zadulidwa kale. Msewu tathira girevulo makilomita 1.4 mwa makilomita 2.

Chipilala cha pakati

Nkhani imene ikundisowetsa tulo ndi iyi. Tinathira konkire ya chipilalachi pa 3 Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Makyubu atatu a konkireyo amene anaphwanyidwa ku labu ku Blantyre poyeza mphamvu yake patatha masiku 7 anapereka 13 MPa. Pulani ikufuna 25 MPa pa masiku 28, ndipo konkire yabwino imakhala itafika cha m'ma 16 kapena 17 pa tsiku la 7. Yathuyi yatsalira.

Chifukwa chake ndikuchidziwa. Masana a tsikulo ndinapeza mnyamata wa pa mikisala akuwonjezera madzi ndi ndowa chifukwa konkire imauma msanga mu wilibala. Ndinamuletsa pomwepo, koma mitanda ingapo inali italowa kale m'mashatala. Mchenga wa ulendo umenewo unalinso ndi dothi: nditauthira m'botolo la madzi ndi kugwedeza, matope anakhala pamwamba kuposa muyezo wololedwa. Ndinayenera kuukana usanatsitsidwe, ndipo kulakwa kumeneko ndi kwanga. Ndinalemba zonsezi m'buku pa tsamba la tsikulo, ndinauzanso injiniya woyang'anira wa konsalitanti.

Makyubu otsala adzaphwanyidwa pa 31 Okutobala. Chonde musalole munthu aliyense kuthira silabu zotsatira zisanabwere ndiponso konsalitanti asanasaine. Adzakukakamizani, chifukwa mvula yayandikira ndipo ku likulu akufuna setifiketi ya malipiro. Kanani mwaulemu. Zotsatira zikalephera, pemphani kuti aboole chipilala n'kutengamo zidutswa zokayeza, osangogamula ndi maso. Ngati n'koyenera kugumula, kugumula chipilala chokha ndi ntchito ya sabata ziwiri, pomwe kugumula silabu ili pamwamba ndi nyengo yonse. Pa mlathowu padzadutsa ana a sukulu, amayi opita kuchipatala ndi malole a nandolo.

Madzi

Mtsinjewu musauone kuuma lero. Umachokera kuphiri, ndipo mvula ikagwa kumtunda madzi amafika kuno mwadzidzidzi ngakhale pano pasanagwe dontho. Anthu a ku Phalombe sanaiwale napolo wa mu 1991, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi amene anakokolola kamlatho kakale. Gogo wina wa tsidya lija anandionetsa pa mtengo wa mango pamene madzi analekeza, pamwamba pa mutu wanga. Ndinayeza malowo ndi levulo, ndipo chizindikiro chake chili masentimita 40 okha pansi pa silabu yathu. Ndinalembera konsalitanti kuti aonenso ngati mpata umenewu ukukwanira mitengo ndi miyala imene madzi amabwera nayo. Sanayankhe, muwakumbutse.

Magabiyoni a kumtunda kwa chipupa cha kum'mawa sanamangidwe. Mawaya alipo, miyala ndiyo yaperewera matipa 6. Awa athe mvula yoyamba isanagwe, apo ayi madzi adzafukula kuseri kwa chipupa. Mizati yochirikiza mashatala a silabu idzaima mumtsinje momwemo, ndiye mukafika mu Disembala musanathire, khalani pansi ndi konsalitanti muone ngati si bwino kudikira. Mikisala ndi jenereta zisamagone m'khwawa. Njira yodutsa anthu pakadali pano ili ndi mapaipi awiri okha, sidzapirira, ndipo tiyenera kuuza mafumu ndi aphunzitsi aakulu nthawi ilipo.

Msewu

Pakati pa kilomita 1.4 ndi 1.7 pali makande. Dothi limeneli limafufuma likanyowa, likauma limang'ambika, ndipo gawo loyamba limene tinatsindira linalephera kufika 95 peresenti pa mayeso a kutsindirika kwa dothi kawiri konse. Maganizo anga ndi oti tichotse masentimita 60 a pamwamba n'kubwezeramo dothi labwino, koma ntchitoyi mulibe mu kontirakiti.

Zimene zikudikira chilolezo

1. Ntchito yowonjezera ya pa makande. Pempho linapita kwa konsalitanti pa 13 Okutobala. Musakumbe musanalandire kalata. Mawu a pafoni sadzatilipira.
2. Kuyendera zitsulo za silabu. Fomu ndalemba koma sindinatumize, ikudikira nkhani ya chipilala.
3. Malo atsopano okumba girevulo. Akale atsala pang'ono kutha. Mkulu woona za chilengedwe ku khonsolo ya boma anadzaona malowo, tikudikira kalata yake. Kumpoto kwake kuli manda, ndipo tinagwirizana ndi a mfumu kuti makina asapitirire zikhomo zofiira.
4. Kusuntha mapolo awiri a magetsi pa kilomita 1.8. Tinalipira, lisiti lili mu fayilo yobiriwira. Giredala isayandikire pamenepo.
5. Masiku 12 owonjezera chifukwa cha kusowa kwa dizilo mu Seputembala. Umboni wake uli m'buku.

Anthu

Mabanja 4 amene minda yawo yadyedwa ndi msewu sanalandire chipukuta misozi. Ndalamazi si za kontirakitala, zimachokera kwa mwini ntchito, koma nkhope imene anthu amaiona tsiku ndi tsiku ndi yathu. Mayi mmodzi wamasiye anataya mizere yake ya chinangwa ndi mitengo iwiri ya mango. Amabwera Lachiwiri lililonse, amakhala pa benchi panja pa ofesi osalankhula zambiri. Mulandireni bwino, muuzeni zoona, ndipo musalonjeze tsiku limene simukulidziwa. Pitani mukadzionetse kwa a gulupu sabata yoyamba yomweyi, musadikire kuti kubuke vuto.

Aganyu 23 malipiro awo a masabata awiri akuyenera kutuluka pa 31. Akachedwa, ambiri adzabwerera kuminda, poti ino ndi nthawi yogalauza, ndipo simudzawapezanso. Kapitawo wathu ndi munthu wodalirika pa zitsulo ndi mashatala, koma tsiku lothira konkire muziima nokha pa mikisala.

Mu sitolo muli matumba 310 a simenti. Matumba 40 a pakona ya kumanzere akhalitsa ndipo ena ayamba mibulu, asalowe mu mlatho. Denga likudontha pamwamba pa chitseko, malata awiri ndagula, angofunika kukhoma. Mwezi watha dizilo anasowa malita 60 usiku. Nkhaniyi ili ku ofesi yaikulu, ndipo kuyambira pamenepo mlonda ndi dalaivala amasaina muyezo wa thanki madzulo ndi m'mawa. Vaibuleta imodzi yafa, yotsalayo isakhale yokha pa tsiku la silabu, bwerekani ina. Zipewa ndi magambutsi zikuperewera anthu 8, ndipo dzenje la kuseri kwa chipupa cha kumadzulo likufunika mpanda chifukwa ana amadutsa pomwepo akaweruka.

Nambala yanga kapitawo ali nayo, ndipo foni ndimayankha ngakhale usiku. Zotsatira za makyubu zikangofika pa 31, ndiimbireni, ndikufuna ndimve.

Ndine mnzanu pa ntchito,
Injiniya wa pa saiti