Dongosolo la nyimbo pa m'bindikiro wa achinyamata

Okondedwa oyimba ndi oyimba zida nonse,

Ili ndi dongosolo lomwe titsatire pa m'bindikiro wathu, kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamulungu masana. Alembetsa achinyamata 46, ndipo ambiri mwa iwo sali m'kwaya, choncho nyimbo iliyonse yasankhidwa poganizira munthu amene amayimba ali pakati pa anzake basi. Zida zathu ndi gitala, kiyibodi, ng'oma ziwiri ndi maseche.

Lachisanu tiyamba 7 koloko madzulo ndi makolasi atatu odziwika, a mtundu woti wotsogolera aponya mawu gulu n'kuvomera, pakuti anthu amene angofika kumene sanazolowerane, ndipo manyazi amatha msanga pamene manja ndi mapazi zili pa ntchito. Makolasi atatuwa alumikizidwe osalekeza, onse m'kiyi ya G, kuti pasakhale kuyima kofunafuna poyambira. Zikatero tiwerenga Salimo 100, kenaka tiyimba nyimbo imodzi ya m'buku, ndime zonse, titakhala pansi.

Loweruka m'mawa, 6 koloko, ng'oma ndi zokuzira mawu zikhale zosakhudzidwa. Mawu a munthu amene wangodzuka amakhala otsika ndi olemera, ndiye nyimbo yomwe timayimba m'kiyi ya G tiyitsitsira mu E, ndipo woyimba gitala azidodola nsambo imodziimodzi m'malo mokwapula zonse pamodzi. Tiwerenga Marko 1:35, pomwe Yesu anadzuka kusanache n'kupita kwa yekha kukapemphera, kenaka tibwereza nyimbo ya mizere iwiri yokha kasanu ndi kamodzi, ulendo womaliza tikuyimba milomo ili yotseka. Pambuyo pake pakhala bata la mphindi 5.

Pa za batali ndikupempha kuti timvane bwino, chifukwa ndi pomwe oyimba zida timayesedwa. Mphindi ziwiri zikadutsa, wina amatsokomola, wina amasuntha mpando, ndipo dzanja la woyimba kiyibodi limayamba kuyabwa kuti liphimbe zonsezo ndi kanyimbo kapansipansi. Chonde musatero. Achinyamata amakhala m'phokoso sabata yonse, ndipo tikawayimbira chinachake nthawi iliyonse yomwe akhala chete, tiwalanda chomwe abwerera kuno. Ine ndidzayang'ana wotchi, ndipo batalo ndidzalitseka ndi mawu oti "Ameni".

Masana, 2 koloko, anthu amawodzera. Apa tigawa gulu patatu n'kuphunzitsa nyimbo yatsopano yolondolana, yomwe gulu lachiwiri limayamba loyamba litamaliza mzere woyamba. Tiyiphunzitsa pakamwa, mzere ndi mzere, popanda mapepala.

Chigawo cha Loweruka usiku ndicho chachitali, ndipo ndi chomwe tiyenera kuchikonzekera koposa. Tiyamba 7:30 ndi Salimo 150, ndipo kwa mphindi 25 zida zonse zilira, liwiro lili pa kugunda 120 pa mphindi imodzi, anthu akuwomba m'manja ndi kuvina. Otsogolera asinthane pakatha makolasi awiri kuti wina asasase mawu tsiku lomaliza lisanafike. Chovuta chili potsika. Gulu lomwe lavina mpaka thukuta silingakhale chete chifukwa choti wina walamula pa maikolofoni. Mtima umakhala ukuthamangabe, ndipo bata lokakamiza limathera m'kuseka. Choncho titsika pang'onopang'ono. Kolasi yomaliza tiyibwereza ng'oma yayikulu italeka, maseche okha akulira. Kenaka tilowa nyimbo ya liwiro la 90, kiyi yomweyo, anthu adakali chiyimire. Pa ndime yake yomaliza maseche aleka, wotsogolera akhala pansi osanena kanthu, ndipo ena atsatira okha. Nyimbo yachitatu ikhala pa 65, gitala yekha, nyali zina zitazimitsidwa. Apo m'pamene tiwerenge 1 Mafumu 19:11-12, pomwe Eliya sanapeze Yehova m'mphepo, m'chivomezi kapena m'moto, ndipo pakhala bata la mphindi 10 abusa asanayambe kupempherera amene akufuna.

Pa nthawi ya mapempheroyo kiyibodi ingathe kulira motsitsa, koma isakwere pamene wina wayamba kulira misozi. Si ntchito yathu kukankha mitima ya ana a eni ndi zida.

Lamulungu tipita mbali inayo: tiyamba mwakachetechete 8 koloko ndi nyimbo ya mizere iwiri ija, ndipo tikwera mpaka kutsekera ndi nyimbo yolondolana yomwe taphunzira, magulu onse atatu atayima mozungulira, mabenchi atasunthidwira kukhoma.

Tikumana Lachitatu 5 koloko madzulo m'chipinda cha kwaya kuti tiyeserere kutsika kwa Loweruka usiku kuchokera poyamba mpaka pomaliza. Woyimba gitala abweretse nsambo zapadera, ndipo aliyense abwere ataloweza mawu a makolasi onse.

Ine wanu mu utumiki,
Wotsogolera nyimbo