Kalata yopempha kuti lendi itsike chifukwa cha ndalama zokonzera nyumba

Eliya 25, Sekita 3
Lilongwe
17 Febuluwale 2025

Wokondedwa Bambo Phiri,

PEMPHO LOTSITSA LENDI KUTI NDIBWEZEREDWE K612,000 YOKONZERA NYUMBA

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mayi ndi ana kunyumbako. Kuno tili bwino.

Ndalemba kalatayi kuti ndikupatseni masamu a ntchito ziwiri zomwe zagwiridwa pa nyumba yanu, ya denga ndi ya paipi ya madzi, komanso kupempha kuti ndalama zomwe ndinalipira zichotsedwe pa lendi. Pa 9 Januwale titalankhulana pa foni munati ndipeze amisiri, ntchito igwiridwe, ndisunge malisiti ndipo tidzawerengerane. Mawuwo munawabwerezanso pa uthenga wa pa WhatsApp tsiku lomwelo madzulo, ndipo pa 11 Januwale munanditumizira K60,000 pa Airtel Money yoyambira. Malisiti onse ndawajambulitsa ndipo ali kuseri kwa kalatayi. Enieniwo ndawasunga, mudzawaona mukabwera.

Ndiyambe ndi denga, pakuti ndilo ladya ndalama zambiri. Madzi ankalowa m'chipinda chachikulu ndi m'kolido, ndipo poyamba tonse tinkaganiza kuti ndi timabowo tongofunika kumata ndi phula. Kalipentala atakwera anapeza zinthu zitatu. Misomali yambiri ya mbali ya kum'mawa inakhomedwa m'ngalande za malata, momwe madzi amayendamo, m'malo moikhoma pamsana pa lata. Timphira take tinatha kalekale, choncho msomali uliwonse unasanduka podonthera, ndipo dzimbiri linadya kuzungulira mabowowo mpaka ena chala chimalowa. Chachiwiri, malatawo anagundanitsidwa ndi mzere umodzi wokha, moti mvula ya mphepo imakankhira madzi kunsi kwa lata linzake. Chachitatu ndi chomwe chinatiopsa: matabwa asanu omwe malata amakhomedwapo anadyedwa ndi chiswe. Kunja amaoneka abwinobwino, koma kuwagogoda ndi hamala amangolira ngati ng'oma yobooka, ndipo msomali sungagwire. Kukhoma malata atsopano pa matabwa otere n'kutaya ndalama, chifukwa chimphepo choyamba chikanasasula dengalo.

Choncho malata asanu ndi limodzi anachotsedwa, matabwa asanu anasinthidwa, ndipo matabwa onse a mbali imeneyo, atsopano ndi akale omwe, anapakidwa mankhwala a chiswe asanafoleredwe. Malata atsopano agundana mizere iwiri m'mbali, ndipo pomwe lapamwamba likukwera lapansi apitirirana masentimita 15. Siling'i ziwiri zomwe zinafufuma ndi madzi zinali zitayamba kulendewera pamwamba pa bedi, nazonso zinasinthidwa. Ndalama zake zinayenda motere:

Malata 6 a mafiti 10, geji 28, pa K32,000 lililonse: K192,000
Matabwa 5 pa K9,000 lililonse: K45,000
Misomali ya malata yokhala ndi timphira, makilo 3 pa K7,000: K21,000
Misomali ya mainchesi 4, makilo 2 pa K6,000: K12,000
Malata 2 ovundikira pamsonga pa denga pa K14,000: K28,000
Mankhwala a chiswe, malita 5: K24,000
Siling'i bodi 2 pa K26,000: K52,000
Kalipentala ndi womuthandiza: K70,000
Galimoto yonyamula katundu kuchokera kumsika: K15,000
Zonse za denga: K459,000

Malata a geji 32 ndi otsikirapo mtengo, ndikudziwa, koma ndi opyapyala kwambiri, amapindika munthu akangopondapo ndipo sachedwa kubooka. Ena onse pa nyumbayi ndi a geji 28, ndiye kalipentala anati tisasakanize. Malata akale sindinagulitse kapena kutaya. Ndi anu, ndawasanja kuseri kwa khitchini, ndipo atatu mwa iwo angathe kufolera khola la nkhuku.

Tsopano za madzi. Bilu ya pano imakhala pafupifupi K18,000 pamwezi, koma ya Disembala inabwera K47,000 ndipo ya Januwale K61,000, pomwe anthu pakhomo pano ndi omwe aja. Pulambala anatseka mipopi yonse ya m'nyumba ndi wa panja, n'kutsekanso madzi olowa m'thanki ya toileti, koma mita inapitiriza kuyenda. Apa zinadziwika kuti madzi akutayika pansi pa nthaka, pakati pa mita ndi nyumba. A Lilongwe Water Board amasamala mapaipi mpaka pa mita, ndipo kuchokera pa mita kulowa m'nyumba ndi udindo wa mwini malo, choncho panalibe woti tikam'dandaulire. Atakumba anapeza kuti paipi yachitsulo yakale yaboola pa mazinga, pansi pa khonde lakumaso. Paipi yachitsulo imayambira kuwola pa mazingapo chifukwa powadula, chokutira choteteza dzimbiri chimachoka. Madziwo sankaonekera pamwamba poti simenti ya khonde inawaphimba, amangolowerera chakumaziko. Chinyezi chomwe munaona m'munsi mwa khoma la pabalaza mutabwera mu Novembala chinkachokera pamenepo.

Pulambala anakana kungosintha chidutswa chobookacho, ponena kuti paipi yonse yatha mofanana ndipo tikanakumbanso pakatha miyezi ingapo. Anaika paipi ya pulasitiki mamita 18 kuchokera pa mita, m'ngalande yakuya masentimita 45, n'kuyala mchenga pansi ndi pamwamba pake kuti miyala isaiboole. Anaikanso chotsekera madzi pafupi ndi khoma, chomwe nyumbayi inalibe, moti tsopano mpopi ukaonongeka tingathe kutseka madzi osakhudza mita. Bolovavu ya m'thanki ya toileti inali itasiya kutseka bwino, madzi amangotsikira m'mbale usiku wonse, ndiye inasinthidwa nthawi yomweyo.

Mapaipi 3 a mamilimita 20, a mamita 6, pa K11,000: K33,000
Zolumikizira 8 (maelobo 4, masoketi 3, tii 1) pa K1,500: K12,000
Guluu wa mapaipi, chitini chimodzi: K8,500
Tepi wa pa mazinga 2 pa K750: K1,500
Chotsekera madzi: K13,000
Bolovavu ya toileti: K16,000
Simenti thumba limodzi lokonzera khonde: K30,000
Mchenga mawilibala 3 pa K2,000: K6,000
Pulambala: K45,000
Mnyamata wokumba ndi kukwirira ngalande: K12,000
Zonse za madzi: K177,000

Mchenga, galimoto ndi mnyamata wokumba zilibe malisiti a sitolo, monga mukudziwa mmene zimakhalira. Onsewo anasayina m'kope momwe ndinalembamo ndalama ndi tsiku, ndipo tsambalo ndalijambulitsanso.

Pa nkhani ya bilu ya madzi ndapempha theka lokha. Kuchotsa K18,000 ya masiku onse, ya Disembala inapitirira ndi K29,000 ndipo ya Januwale ndi K43,000, pamodzi K72,000. Madzi ambiri anatayikira pa paipi yowola, koma palibe angayeze kuti ndi angati anadutsa m'toileti, ndipo toileti ndi chinthu chomwe wokhala m'nyumba amachiona tsiku ndi tsiku. Ndiye ndaona kuti chilungamo n'kugawana pakati, inu K36,000, ine K36,000.

Pali zina zomwe ndalipira koma sindinaziike m'masamuwa, ndipo ndazitchula kuti mukaziona musaganize kuti zabisala penapake. Penti ya m'chipinda chachikulu, K38,000, ndinapaka mwa kufuna kwanga. Galasi la zenera la kukhitchini, K9,000, linasweka ndi mpira wa ana a pakhomo pano. Sefa wotchinga udzudzu m'mazenera, K24,000, sitinagwirizanepo. Zonsezi, K71,000, ndi zanga.

Masamu onse ali chonchi:

Denga: K459,000
Madzi: K177,000
Theka la bilu yopitirira: K36,000
Pamodzi: K672,000
Kuchotsa zomwe munatumiza pa 11 Januwale: K60,000
Zotsala: K612,000

Lendi ya nyumbayi ndi K200,000 pamwezi, choncho K612,000 ndi lendi ya miyezi itatu ndi K12,000 pamwamba. Sindikupempha kuti ndikhale miyezi itatu osalipira kanthu. Ndikudziwa kuti lendi yomweyi ndi imene mumalipirira fizi ndi msonkho wa malo ku khonsolo, ndipo kuidula yonse nthawi imodzi kungakupwetekeni. Pempho langa ndi lakuti muzichotsa K102,000 mwezi uliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, kuyambira Malichi mpaka Ogasiti 2025, ine ndizilipira K98,000. Ngongoleyo izitsika motere: ikatha Malichi K510,000, Epulo K408,000, Meyi K306,000, Juni K204,000, Julayi K102,000, ndipo mu Ogasiti yatha. Kuyambira Sepitembala ndidzabwerera pa K200,000.

Ngati K98,000 ikuchepa kwambiri pa zofuna zanu za pamwezi, pali njira yachiwiri. Muzichotsa K68,000 kwa miyezi isanu ndi inayi, Malichi mpaka Novembala 2025, ine ndizilipira K132,000. K68,000 kuchulukitsa ka 9 ndi K612,000 yomwe ija. Kwa ine yoyambayo ndiyo yabwino, chifukwa kwacha ikuchepa mphamvu ndipo ndalama yobwera mochedwa sigulanso zomwe inagula poyamba, komabe yachiwiriyi ndingailandire. Chiwongoladzanja sindinaikepo pa njira zonse ziwiri.

Ndikupemphanso zinthu ziwiri kuti mawa tisadzasemphane. Choyamba, lendi ikhalebe K200,000 mpaka ngongoleyi itatha, pakuti ikakwera panthawi yomweyi ndiye kuti zomwe mwachotsa ndi dzanja lamanja zabwerera ndi lamanzere. Chachiwiri, ngati pa chifukwa chilichonse ndingatuluke m'nyumbayi ngongole isanathe, kaya mwa kufuna kwanu kapena kwanga, zotsalazo mudzandipatse pamodzi ndi dipoziti yanga ya K200,000 pa tsiku lopereka makiyi. Njira yomwe musankhe tiilembe pa pepala, tisayine tonse awiri pamaso pa mboni imodzi ya mbali iliyonse, aliyense asunge lake, ndipo lisiti ya mwezi uliwonse izionetsa lendi yonse, zomwe zachotsedwa ndi ngongole yotsala.

Lendi ya Febuluwale ndinalipira yonse pa 1, ndipo sindichotsa tambala pa ya Malichi musanavomere. N'chifukwa chake ndingakondwe mutandiyankha pasanafike pa 28 Febuluwale. Ngati mungapeze mpata Loweruka pa 22 Febuluwale m'mawa, bwerani mudzaone ntchitoyi ndi maso anu. Kalipentala ndi pulambala onse avomera kudzakhalapo kuti ayankhe mafunso anu, ndipo matabwa odyedwa ndi chiswe aja pamodzi ndi chidutswa cha paipi yobooka ndazisunga. Mukafuna kubwera ndi mmisiri wanu woti ayerekeze mitengo, palibe vuto.

Tsiku lomwelo mudzaonenso mbali ya kumadzulo ya denga. Pakadali pano sikudontha, koma kalipentala wati matabwa awiri kumeneko ayamba kufewa ndipo njira ya chiswe ikuoneka pakhoma la kuseri, kuchokera pansi mpaka kudenga. Sindinakhudzepo chilichonse pamenepo, ndikudikira mawu anu.

Ine wanu mwaulemu,

Mayi Nyirenda
Wochita lendi pa nyumba yanu ya ku Eliya 25, Sekita 3