Ripoti la sabata la makweri ochedwa: Lolemba 3 mpaka Lamlungu 9 Malichi

Anzanga nonse a gulu la detabesi ndi la mapulogalamu,

Ndamaliza kuwunika logi ya makweri ochedwa ya sabata yathayi pa seva yathu yaikulu ya MySQL. Mwachidule, ntchito ya sabata ino ndi makweri awiri, wachitatu tikapeza mpata. Kweri wa ripoti la usiku, amene ambiri mwakhala mukundifunsa, ayambe wadikira, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Malire athu akadali `long_query_time = 0.5`, kutanthauza kuti kweri aliyense wopitirira theka la sekondi amalembedwa. Ndinasanja logiyo motere:

```
pt-query-digest --since '2025-03-03' --until '2025-03-10' slow.log
```

Munalowa makweri 61,400, ndipo nthawi yawo yonse pamodzi ndi maola 14.2. Monga mwa nthawi zonse, sindinayang'ane kuti wochedwetsetsa ndi uti. Ndinayang'ana nthawi yonse imene mtundu uliwonse wa kweri wadya pa sabata, kenaka ndikufunsa kuti pamene kweriyo akuchedwa, ndani wakhala akudikira.

Woyamba: kufufuza maoda a kasitomala

Uyu wayenda ka 38,200, ulendo uliwonse masekondi 0.8. Paokha masekondi 0.8 saopsa munthu, koma mukawonkhetsa akukwana maola 8.5, gawo la 60 pa 100 la nthawi yonse ya mu logi. Ndipo amene akudikira ndi anzathu olandira mafoni a makasitomala. Lachinayi ndinakhala pambali pa mmodzi wa iwo kwa theka la ola. Akalemba nambala ya kasitomala, amadina batani, n'kuyamba kupepesa pa foni kuti "mungodikirako pang'ono", tsamba lisanatseguke n'komwe. Wazolowera mpaka sakuonanso kuti ndi vuto. Tsamba limenelo limatumiza kweri ameneyu katatu.

Logi ikuonetsa `Rows_examined` pafupifupi 1,900,000 pomwe `Rows_sent` sipitirira 5. Kuwerenga tebulo lonse kuti upeze mizere isanu! Chodabwitsa n'chakuti indekisi pa `customer_ref` ilipo kale. `EXPLAIN` ikupereka `type: ALL`, ndipo `key` ndi `NULL`. Gwero lake ndi ili:

```
WHERE customer_ref = 4471902
```

Kolamuyi ndi `VARCHAR`, koma pulogalamu ikutumiza nambala yopanda zizindikiro zoitsekera. Zikatere MySQL imasandutsa mawu a mu mzere uliwonse kukhala nambala kuti iyerekeze, ndipo indekisi singagwire ntchito. Nditayesa pa seva yoyeserera ndi `'4471902'`, kweri anawerenga mizere 3 yokha n'kubweza yankho m'mamilisekondi awiri. Ku detabesi kulibe chosintha. Ndikupempha a gulu la mapulogalamu kuti mtengowo uzitumizidwa ngati mawu. Zikuoneka kuti zinayamba ndi kusintha kwa tsamba lofufuzira kumapeto kwa mwezi watha, chifukwa m'malipoti a masabata a m'mbuyo kweriyu mulibe. Ngati n'kotheka, zituluke pofika Lachitatu.

Wachiwiri: kuchotsera katundu m'sitoko

Uyu anandidyera nthawi yambiri, ndipo ndikufuna timvane bwino tisanamukhudze. Ndi `UPDATE` wa pa tebulo la `stock`, wofufuza ndi `PRIMARY KEY`. Walowa mu logi ka 9,100, masekondi 1.1 ulendo uliwonse, pamodzi maola 2.8. Koma `Rows_examined` ndi 1. Kweri wowerenga mzere umodzi sangachedwe chifukwa cha kulemera kwa ntchito. Akudikira wina amene wagwira loko pa mzerewo.

Nditasanja nthawi zimene walembedwa, ndinaona kuti pafupifupi onse aunjikana m'mphindi ziwiri zoyamba za ola lililonse. Imeneyo ndi nthawi imene ntchito yolowetsa katundu wochokera kwa otigulitsa imayamba. Ntchitoyo imasintha mizere masauzande angapo mu tiranzakishoni imodzi, ndipo InnoDB simasula maloko a mizereyo mpaka `COMMIT` itachitika. Aliyense wogula chinthu chimene chili m'gulu limenelo amaima pa tsamba lolipirira kudikira.

Choncho chonde pasapezeke wowonjezera indekisi pa `stock` pofuna kuthandiza kweriyu, palibe chimene ingasinthe. Chofunika kukonza ndi ntchito yolowetsa katunduyo, kuti izichita `COMMIT` pa mizere 500 iliyonse. Ndikudziwa kuti izi zikubweretsa funso lakuti ikafera pakati tidzayambira pati. Ndalankhula ndi mwini ntchitoyo, ndipo akuti ikhoza kumasunga nambala ya mzere womaliza umene yamaliza. Ndamuika pachiwiri ngakhale akukhudza malipiro chifukwa kukonza kwake kukufuna kuyesa mofatsa, pomwe woyamba uja ndi mzere umodzi wa kodi. Ntchito zonse ziwiri ziyambe lero, kungoti woyambayo atha msanga.

Wachitatu: mndandanda wa maoda a tsiku

Ka 2,300, masekondi 1.9, pamodzi maola 1.2. Sabata yapitayo anali pa masekondi 1.4, ndiye kuti akukula limodzi ndi tebulo. Vuto ndi `DATE(created_at)` mu `WHERE`, imene ikulepheretsa indekisi ya pa `created_at`. Alembedwe chonchi:

```
WHERE created_at >= '2025-03-09'
  AND created_at <  '2025-03-10'
```

Ndi kantchito kochepa. Amene wakonza woyamba uja angotengera limodzi.

Ripoti la usiku

Ndi zoona kuti ameneyu ndiye wochedwetsetsa mu logi yonse, masekondi 212, ndipo `EXPLAIN` yake ili ndi `Using temporary` ndi `Using filesort`. Aliyense wotsegula logi maso ake amathamangira pamenepo, ndipo inenso manja amandiyabwa ndikamuona. Koma amayenda kamodzi pa tsiku, 2 koloko usiku, palibe womudikira, ndipo sagwira loko pa mzere uliwonse chifukwa ndi `SELECT` wamba. Pa sabata yonse wadya mphindi 25, zosakwana 3 pa 100. Kuti achepe pakufunika indekisi ya makolamu atatu pa `orders`, tebulo limene timalembamo tsiku lonse, ndipo `INSERT` aliyense wa masana angamalipire indekisiyo kuti ripoti la usiku lifulumire. Sindikuvomereza kusinthana kotero. Akadzafika mphindi 15, kapena akadzayamba kulowerera nthawi ya bakapu ya 3 koloko, tidzakambirananso.

Zimene tinakonza sabata yatha

Indekisi imene tinaika pa `shipments (order_id, status)` yagwira. Kweri amene anali pachiwiri sabata yapitayo sanalowenso mu logi ngakhale kamodzi. Nkhani imeneyo ndaitseka.

Zimene logi siikutionetsa

Kweri wa masekondi 0.05 woyenda kamiliyoni pa tsiku sangapezeke mu ripoti lino, chikhalirecho akudya maola pafupifupi 14 tsiku lililonse, chimodzimodzi ndi logi yathu yonse ya sabata. Ndikukayikira tsamba loyamba la makasitomala kuti lili ndi wotere, poti seva imatanganidwa masana kuposa momwe logi ikufotokozera. Ndiyamba ndi `events_statements_summary_by_digest` mu `performance_schema`, imene imawerenga makweri onse, ochedwa ndi ofulumira omwe. Ngati sizimveka bwino, Lachinayi 10 koloko m'mawa nditsitsa `long_query_time` kufika pa 0 kwa mphindi khumi. Dziwani kuti `SET GLOBAL` imakhudza makonekishoni atsopano okha, ndiye ndidzafuna mmodzi wa gulu la mapulogalamu akhale pafupi kuti atsitsimutse makonekishoni a pulogalamu poyamba ndi pomaliza. Malo pa disiki ya logi ndaona kale, alipo okwanira.

Amene watenga kweri woyamba ndi wachitatu andiuze lero lisanathe, kuti ndimutumizire zitsanzo za mu logi ndi zotsatira za `EXPLAIN`.

Zikomo,
Woyang'anira detabesi