Kalata yothokoza Abusa patatha chaka chichitikireni namondwe wa Freddy

Lunzu, Blantyre
10 Malichi 2024

Okondedwa Abusa,

Ndikupereka moni kwa inu, kwa Mayi Busa ndi ana onse pakhomopo m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Ine ndi Chisomo tili bwino kuno ku Lunzu, ndipo mnyamatayu wabwerera kusukulu, ali mu Sitandade 8. Lachitatu likudzali, pa 13 Malichi, chikhala chitakwana chaka chigumukireni phiri la Soche, ndipo ndaona kuti si bwino kuti tsikulo lindipeze ndisanakuuzeni zimene zakhala mumtima mwanga miyezi yonseyi. Ndinayesa kawiri konse kuyankhula nanu titaweruka mapemphero, koma mawu ankandithera pakhosi, n'chifukwa chake ndasankha kulemba.

Za usiku umenewo mukuzidziwa, choncho sindichulukitsa. Mvula inali itagwa masiku angapo osalekeza, magetsi atazima, ndipo chimene tinamva chinali chimkokomo chochokera kuphiri, kenaka matope, miyala ndi mitengo zinalowa m'nyumba ngati kuti khoma kunalibe. Ine ndinatuluka nditagwira Chisomo dzanja. Mayi ake tinawapeza Lachiwiri kumunsi kwa khwawa, koma mwana wathu Tadala, amene anali ndi zaka zinayi, sitinamupeze mpaka lero. Boma linalengeza kuti chigawo cha kummwera chagweredwa ngozi, pambuyo pake kunabwera masiku 14 olira maliro dziko lonse, ndipo pa wailesi ankawerenga anthu omwalira mazanamazana, koma ine m'masiku amenewo ndinkangodziwa za anthu awiri okha.

Munafika kumsasa wathu wa pasukulu paja m'mawa wa Lolemba lomwelo, mutavala magambuti ndi jekete yonyowa, matope atafika m'mawondo. Ndinali nditakhala pansi pakona ya kalasi, pafupi ndi bolodi pomwe panali masamu amene aphunzitsi anasiya Lachisanu, ndipo inu munabwera n'kukhala pansi pomwepo pasimenti. Simunatsegule Baibulo, ndipo simunandiuze kuti ndilimbe mtima pakuti ndine mwamuna, monga ankanenera ena. Munakhala chete nthawi yaitali mutaika dzanja paphewa langa, kenaka munandifunsa ngati mwanayo wadya kanthu. Nditapukusa mutu munadzuka, n'kubwera ndi kapu ya phala m'manja mwanu, ndipo munamudyetsa Chisomo ndi supuni ngati khanda, chonsecho anali mnyamata wa zaka 13. Pemphero lanu la tsiku limenelo linali lalifupi kwambiri. Munangopempha kuti Mulungu atithandize kupeza anthu athu ndiponso kuti mvula ileke.

Lachiwiri munapita nane kunyumba yachisoni ya pachipatala cha Gulupu kukazindikira thupi la mayi a Chisomo. Miyendo yanga inakana pakhomo, ndipo ndinu amene munatsogola. Popeza misewu ndi milatho yopita kwawo ku Phalombe inali itaduka, akuchikazi sanathe kufika, ndipo munayankhula ndi amalume awo pafoni mwaulemu wonse mpaka anavomera kuti mwambo wa maliro uchitikire ku Blantyre konkuno. Ndikuthokoza kuti ngakhale maliro anali ochuluka sabata imeneyo, ndipo nthawi zina munkaika anthu angapo tsiku limodzi, mkazi wanga simunamuike mothamanga. Munatchula dzina lake, munanena za zaka zimene anatumikira m'Mvano, ndipo amayi anzake anamuperekeza atavala zoyera monga momwe iye anaperekezera ena ambiri.

Koma chimene chandichititsa kulemba kalatayi makamaka ndi maulaliki awiri.

Pamsasa paja pankamveka mawu ambiri. Ena ankati ndi napolo, monga anadutsira ku Phalombe mu 1991, ngozi imene mayi a Chisomo anaipulumuka ali kamtsikana ndipo ankaisimba kawirikawiri. Ena ankati tinazifuna tokha pomanga nyumba m'mbali mwa phiri ndi kudula mitengo, ndipo pa mawu amenewa pali choonadi chimene sindingachikane, ngakhale kuti munthu wosauka amamanga pamene wapeza malo. Koma kunabweranso alaliki ena ndi zokuzira mawu, amene anaima pabwalo n'kumanena kuti Chilobwe, dera limene tinkakhala, walangidwa chifukwa cha machimo ake, ndi kuti amene anapita ndi madzi anali anthu osalapa. Ndinkawamva ndili m'kalasi, ndipo usiku ndinkagona chagada ndikufufuza tchimo la mwana wa zaka zinayi amene ankangodziwa kuimba nyimbo za ku Sande sukulu. Pomulephera iye, ndinayamba kufufuza machimo anga, ndipo ndinafika pokhulupirira kuti ndine amene ndinapha banja langa.

Lamulungu la pa 19 Malichi munawerenga Luka 13, za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Munawerenga funso la Ambuye lakuti kodi anthu amenewo anali ochimwa koposa anzawo onse a mu Yerusalemu, ndipo mutafika pa yankho lawo lakuti iyayi, munaima n'kulibwereza katatu mukutiyang'ana m'maso. Munati amene tatsala sitinatsale chifukwa ndife olungama, ndipo amene apita sanapite chifukwa anali oipa. Munanenanso kuti kulapa kumene ndimeyi ikunena n'kwa tonse, kuyambira inu muli pa gomepo, ndipo si ndodo yokwapulira ofedwa. Chimene chinandikhudza koposa n'chakuti munavomera pamaso pa mpingo wonse kuti simukudziwa chifukwa chimene nyumba ina inatsala pamene yoyandikana nayo inapita. Ndakhala mu mpingo kuyambira ubwana wanga, koma ndinali ndisanamvepo mbusa akunena pa gome kuti sakudziwa, ndipo kuona mtima kumeneko n'kumene kunandichititsa kukhulupirira zina zonse zimene munanena tsiku limenelo. Usiku wake ndinagona tulo koyamba.

Ulaliki wachiwiri unali wa pa Pasaka, pa 9 Epulo. Sindinkafuna kubwera, pakuti sindinkaona kuti ndingaimbe bwanji za kuuka kwa akufa pamene mwana wanga analibe ngakhale manda. Tinali titakumba ndi makasu ndi mafosholo kwa masabata atatu, asilikali ndi agalu ofufuza anadutsa, ndipo chimene tinapeza chinali nsapato yake imodzi yapulasitiki yofiira. Anandikoka ndi mkulu wa mpingo wa mlaga wathu, ndipo ndinakhala benchi lakumbuyo pafupi ndi khomo kuti ndituluke msanga. Inu munawerenga Yohane 20, koma simunathamangire ku chimwemwe. Munakhalitsa pa Mariya wa Magadala ataima kunja kwa manda akulira chifukwa sakudziwa kumene aika thupi la Ambuye wake. Munati m'tchalitchi muno muli a Mariya ambiri, amuna ndi akazi omwe, ndipo kulira kwa munthu amene sakudziwa pamene pagona wokondedwa wake n'kulira kumene Ambuye anakumva m'mawa wa Pasaka woyamba, ndipo sanakudzudzule. Kenaka munanena kuti palibe mwana amene matope amubisa pamaso pa Mulungu, pakuti Iye akudziwa pamene pagona aliyense ndipo adzamuitana ndi dzina lake monga anaitanira Mariya. Ndinalira mokweza ngati mwana, ndipo sindinachite manyazi, chifukwa tchalitchi chonse chinkalira.

Ndiyeneranso kupepesa. Mu Meyi, mutandiyendera m'kachipinda kamene m'bale wina anatibwereka, ndinakuyankhani mwaukali kuti mapemphero anu sanabweze Tadala ndipo musavutikenso kubwera. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Inu simunandiyankhe ndi vesi, koma munangoti mwamva, ndipo Lachinayi lotsatira munagogodanso pakhomo pa nthawi yomweyo, mutanyamula kathumba ka ufa ndi sopo zimene amayi a Mvano anasonkha. Munabwera Lachinayi lililonse mpaka mu Ogasiti. Masiku ena ndinkakana kupemphera, ndipo munkandipempha chilolezo kuti mupemphere inu nokha ine ndikumvetsera. Ndinkamva mukutchula Chisomo, mukutchula maloto oipa amene ankamudzidzimutsa mvula ikangogunda pamalata, mukutchula makina anga osokera amene anapita ndi madzi, ndipo pang'onopang'ono ndinazindikira kuti Mulungu angathe kuuzidwa zinthu zing'onozing'ono ngati zimenezi. Tsiku limene ndinayankha kuti Ameni, munangomwetulira osanenapo kanthu.

Ndinadziwa mochedwa, kudzera mwa mkulu wa mpingo uja, kuti nanunso munataya mwana wa mchemwali wanu pa ngozi yomweyo, ndipo kuti m'masabata oyambawo munkagona maola ochepa kwambiri. Simunatiuzepo. Ndikaganiza kuti munthu amene ankatitonthoza analinso ndi maliro ake, ndimasowa chonena. Pepani, Abusa, pepani kwambiri, ndipo mundipepesere kwa mchemwali wanuyo. Ndikuthokozanso Mayi Busa, amene anasunga Chisomo pakhomo panu milungu iwiri nthawi imene matenda a kolera ankaopsa m'misasa, ndipo anamulera ngati wawo. Mpaka pano akamanena za iwo amati amayi.

Makina amene mpingo unandithandiza kugula ndi amene akutidyetsa. Ndimasoka pakhonde la sitolo ina pamsika wa Lunzu, ndipo ngakhale kuti mitengo ya nsalu ndi ulusi inakwera kwambiri ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu mu Novembala, mayunifolomu a ana a sukulu akutipatsa ya lendi ndi chakudya. Kalata yanga yosamukira inalandiridwa bwino ndi mpingo wa kuno, ndipo mwezi watha ndinadya nawo Mgonero wa Ambuye kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngozi.

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza nsalu yoyala pa gome imene ndasoka ndi manja anga usiku ndikaweruka. Ndi kanthu kochepa, koma ndikupempha kuti muilandire, ndipo ngati akulu a mpingo avomera, iyalidwe pa Pasaka wa chaka chino, pa 31 Malichi. M'mphepete mwake, kumbuyo kumene sikuoneka, ndapetamo mayina a mayi a Chisomo ndi Tadala.

Ndili ndi pempho limodzi. Akuchikazi ndi ife tagwirizana kuti tidzamange chiliza cha mayi a Chisomo mu Julayi, tikakolola, ndipo tikufuna kuti dzina la Tadala lidzalembedwe pa mwala womwewo pansi pa dzina la mayi ake. Amalume awo anena okha kuti amene adzatsogolere mapemphero a tsikulo mukhale inu, ngati ntchito za mpingo zidzakulolani. Tsiku lenileni ndidzabwera kudzakuuzani pamaso, pakuti Chisomo akufuna kudzakuonetsani zotsatira za mayeso ake. Pakadali pano mutikumbukire m'mapemphero Lachitatu likudzali, pakuti mvula ikadali kugwa kuno ndipo mnyamatayu sagona bwino mwezi uno.

Ine nkhosa yanu mwa Ambuye,

Bambo a Chisomo