Pempho lofuna kulongosoleredwa za msonkho ndi kukhululukidwa chindapusa

Esinati Chirwa
Chibavi, Mzuzu

18 Novembala 2024

Kwa Mkulu wa Ofesi Yotolera Misonkho
Mzuzu

Wolemekezeka Bwana,

PEMPHO LA KULONGOSOLEREDWA MSONKHO WA CHAKA CHOTHERA PA 31 MALICHI 2024 NDI KUCHOTSEREDWA CHINDAPUSA

Ndalemba kalatayi modzichepetsa poyankha kalata yanu ya pa 4 Novembala 2024, yomwe ikunena kuti ndili ndi ngongole ya msonkho ya K4,860,000, komanso chindapusa ndi chiwongoladzanja cha K972,000 pamwamba pake. Ndayankha masiku 30 amene munandipatsa asanathe. Nambala yanga ya TPIN ili pa kope ya kalata yanuyo, yomwe ndaphatika kumbuyoku.

Ndine mayi wochita bizinesi yogulitsa chimanga, nyemba ndi mpunga wa kilombero. Ndimakapikula ku Karonga, ku Rumphi ndi ku Mzimba, ndipo ndimaperekera ku sukulu zitatu zogonera konko. Msonkho sindikuukana ayi. Chomwe ndikupempha n'chakuti mundithandize kumvetsa momwe chiwerengerochi chinapezekera, chifukwa chikusiyana ndi zomwe zili m'mabuku anga.

Kalata yanu ikusonyeza kuti m'chakacho ndinagulitsa katundu wa K52,000,000, pamene mabuku ndi malisiti anga akusonyeza K41,500,000. Nditakhala pansi ndi sitetimenti ya kubanki, ndinaona kuti kusiyana kwa K10,500,000 kukufanana ndendende ndi ndalama ziwiri zomwe zinalowa mu akaunti yanga koma si za malonda. Yoyamba ndi ngongole ya K9,000,000 yomwe ndinatenga mu Meyi 2023 kuti ndigulire mbewu nthawi yokolola, ndipo mpaka lero ndikubwezabe mwezi ndi mwezi. Inayo ndi K1,500,000 yomwe mlongo wanga wa ku Joni anatumiza kuti tifolerere nyumba ya amayi kumudzi. Ngati ndalama zonse zolowa ku banki zinawerengedwa ngati malonda, ndikupempha kuti ziwirizi zichotsedwe. Ngati pali china chomwe munaona, chonde mundisonyeze kuti ndichiyankhe.

Ndikupemphanso kudziwa ngati msonkho umene sukuluzo zinandidula kale unawerengedwa. Pa katundu wa K38,000,000 amene ndinapereka kumeneko, ankadula 3 peresenti asanandilipire, zomwe zikukwana K1,140,000. Ziphaso zake ndili nazo zonse, zodindidwa, koma m'kalata yanu ndalamayi sindikuiona.

Pa nkhani ya chindapusa, ndikudandaulira mtima wanu wachifundo. Fomu ya msonkho ndinapereka pa 21 Okutobala 2024, nthawi itadutsa, chifukwa kuyambira mu Ogasiti bambo a kunyumba anagonekedwa m'chipatala atachita sitiroko, ndipo wowadwazika ndinali ine ndekha. Usiku ndinkagona pa chitenje pansi pambali pa bedi lawo, m'mawa n'kuthamangira kunyumba kukaphika phala. Shopu ankatsegula ndi mwana wa mchemwali wanga, amene amadziwa kuyeza pa sikelo koma za mabuku sazidziwa. Atangotuluka m'chipatala, ndinasonkhanitsa mapepala n'kubwera ku ofesi yanu ndekha, osadikira kuti mundiitane. Kalata ya adokotala ndaiphatikanso.

Chakacho pachokha chinali chowawa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa thiransipoti ndi wa matumba unakwera nthawi yomweyo, pamene ine ndinali nditasainirana kale mitengo ya teremu yonse ndi sukuluzo. Ndinaperekabe chakudya pa mtengo wakale kuti ana asagone ndi njala, ndipo malipiro ake ena anabwera teremu itatha. Phindu linali lochepa kwambiri, moti K972,000 ikachoka mu mpamba wanga sindidzatha kupikula katundu wa teremu ya Januwale. Mukaona mbiri yanga, mupeza kuti zaka zonse za m'mbuyomu ndakhala ndikupereka mafomu ndi kulipira pa nthawi yake.

Choncho ndikupempha kuti mundilembere mwatsatanetsatane momwe msonkhowu unawerengedwera, muuwunikenso potengera mapepala ndaphatikawa, ndipo mundichotsere chindapusa chonse ngati lamulo likukulolani kutero. Ndalama yomwe ipezeke kuti ndiyeneradi kulipira ndidzalipira, ndipo ngati ingakhale yochuluka ndikupempha kuti mundilole kupereka pang'onopang'ono kwa miyezi 6. Pamene nkhaniyi ikuunikidwa, chonde akaunti yanga ya kubanki isatsekedwe, popeza ndi momwe sukuluzo zimandilipirira.

Ndaphatika kope ya kalata yanu, sitetimenti ya kubanki ya chaka chonse, mgwirizano wa ngongole, ziphaso za msonkho wodulidwa kale ndi kalata ya adokotala. Mabuku enieniwo ndi malisiti ndingathe kubwera nawo tsiku lililonse lomwe mungandiuze.

Ndithokoza kwambiri chifukwa cha nthawi yanu.

Ine wanu modzichepetsa,

Esinati Chirwa (Mayi)