Kalata Yotula Pansi Udindo wa Unamwino ndi Uzamba

Wodi ya Amayi Oyembekezera
Boma la Phalombe
1 Seputembala 2025

Kwa Amayi Matroni,
Kudzera kwa Mkulu wa Chipatala

Wokondedwa Amayi,

KUTULA PANSI UDINDO WANGA KUYAMBIRA PA 30 SEPUTEMBALA 2025

Ndikulemba kalatayi kukudziwitsani mwaulemu kuti ndikusiya ntchito yanga ya unamwino ndi uzamba pachipatala chino. Ndasankhidwa kukachita maphunziro a digiri ya uzamba pasukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS ku Lilongwe, ndipo ndikuyenera kukayamba mwezi wa Okutobala. Kalata yomwe andiitanira ndayiphatika kumbuyoku. Ndikupereka chidziwitso cha mwezi wathunthu monga momwe mgwirizano wanga wa ntchito ukunenera, choncho tsiku langa lomaliza lidzakhala Lachiwiri pa 30 Seputembala 2025. Mpaka tsikulo ndizigwira ntchito monga mwa ndandanda, kuphatikizapo mashifiti ausiku a sabata yachitatu omwe munandiika kale.

Ndikudziwa kuti mufunsa chifukwa chomwe sindinapemphe tchuthi cha maphunziro, popeza inu nomwe munanditchulira njira imeneyi titakambirana mu Juni. Ndinalingalirapo kwa masabata angapo. Maphunzirowa ndi olowa m'kalasi tsiku ndi tsiku kwa zaka ziwiri, ndipo ndikanati ndichoke pa tchuthi, dzina langa likanakhalabe m'buku la ogwira ntchito pomwe mwini wakene kulibe. Azamba tilipo asanu okha. Anayi otsalawo akanasenza mtolo wanga zaka ziwiri zonse popanda mpata wolemba wina. Mtima wanga wakana zimenezo. Ndi bwino malowa akhale opanda munthu poyera kuti mupeze wina wolowapo msanga, dzinja lisanafike pomwe misewu imavuta ndipo amayi amadzaza kuchidikiro.

Ndinafika pano mu 2019 ndili ndi pepala la kusukulu m'manja koma mantha ali tho mumtima. Usiku wanga woyamba mu leba munakhala nane mpaka tambala woyamba ngakhale sinali shifiti yanu. Munandigwira dzanja n'kuliika pamimba pa mayi wina yemwe anali atangochira kumene, n'kunena kuti, "Imva apa mwanawe. Chiberekero chikafewa chonchi usadikire kuona magazi, yamba kutikita." Mawu amenewa ndawabwereza kwa ophunzira onse omwe adutsa m'manja mwanga, ndipo ndikupita nawo ku Lilongwe.

Ganizo lobwerera kusukulu linandifikira mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy. Mukukumbukira momwe madzi anadulira misewu, ambulansi osatha kufika, magetsi atazima masiku angapo. Usiku wina kunabwera mtsikana wa pakati poyamba, atamunyamula pachitseko, miyendo itatupa, magazi akuthamanga kwambiri, ndipo posakhalitsa anayamba kukomoka. Tinamubaya mankhwala oletsa kukomoka mowunikira ndi tochi ya pafoni yomwe mlonda wathu anagwirizira mpaka mkono kuuma. Mulungu anatichitira chifundo, mayi ndi mwana anapulumuka. Koma ine ndinatuluka m'chipindamo ndikudziwa kuti pali zambiri zomwe ndinachita chifukwa choloweza, osati chifukwa chomvetsa. Mayi wakumudzi yemwe sangafike ku Gulupu mu Blantyre pa nthawi yake ayenera kupeza mzamba wodziwa zakuya pomwe ali pomwepo. Ndikufuna kukhala mzamba wotero, komanso kudzatha kuphunzitsa ena bwino kuposa momwe ndikuchitira lero.

Pa mwezi watsalawu ndikufuna kusiya zonse zili m'malo mwake. Kaundula wa amayi ochira ndi wa sikelo ya amayi oyembekezera ndidzawamaliza mpaka tsiku lomaliza, ndipo lipoti la mwezi wa Seputembala lopita ku ofesi ya zaumoyo ya boma ndidzalilemba ndisanachoke kuti wina asalipeze theka. Makiyi a kabati ya mankhwala ndi a filiji ndidzawapereka m'manja mwanu titawerengera limodzi zomwe zilimo. Za filijiyo ndikupempha kuti yemwe adzaitenge azilemba kuzizira kwake m'mawa ndi madzulo osadumphitsa, chifukwa mankhwala oletsa kutaya magazi pochira amachepa mphamvu akatenthedwa, ndipo chitseko chake chimafuna kuchikankha kawiri kuti chitsekeke bwino.

Chomwe chikundilemera kwambiri kusiya ndi chipinda cha kangaru. Pakadali pano muli ana atatu obadwa masiku asanakwane. Wamng'ono kwambiri anabadwa ndi makilogalamu 1.6 ndipo wayamba kukwera pang'onopang'ono, koma mayi ake ndi wamanyazi, safunsa akakhala ndi vuto. Amafuna munthu wokhala naye pansi, kumumangirira mwana pachifuwa ndi chitenje modekha, ndi kumuonetsa kamwetsedwe ka mkaka wofinya ndi kakapu. Agogo ake a mwanayo, omwe akumudikirira, ndi omwe amamva msanga, choncho malangizo azipita kwa onse awiri. Ndikupempha kuti mundipatse mzamba mmodzi woti ndiziyenda naye m'chipindachi kuyambira sabata ino, kuti amayiwa amuzolowere ine ndisanachoke. Pali ana ena asanu ndi mmodzi omwe tinawatulutsa ndipo amabwera kudzakwera sikelo Lachinayi lililonse. Mayina awo, midzi yawo ndi alangizi a zaumoyo omwe amawayendera ndalemba m'kabuku kobiriwira kali mu diloo ya pamwamba.

Ndili ndi zopempha zochepa ku ofesi. Ndatsala ndi masiku 12 a tchuthi omwe sindinatenge chaka chino. Sindikufuna kuwatenga mwezi uno popeza ntchito yopatsirana ndi yambiri, choncho ndikupempha kuti awerengedwe pamodzi ndi malipiro anga omaliza. Ndikupemphanso kalata yaumboni yosonyeza zaka zomwe ndagwira pano, yomwe akuifuna kusukulu, komanso kuti mundisainire kabuku kanga ka maphunziro apantchito ka ku bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba. Nyumba ya chipatala yomwe ndikukhalamo ndidzatulukamo pofika pa 4 Okutobala, mukandilola masiku anayi amenewa kuti ndisamutse katundu ndi kukasiya ana kwa agogo awo. Ngongole ya madzi ndi magetsi ndidzakhala nditalipira.

Ndithokozereni kwa Mkulu wa Chipatala, madokotala, anamwino anzanga, a ku labu ndi a ku famase. Musaiwale amayi okolopa mu wodi, omwe nthawi zambiri ndi amene amayamba kuona kuti wodwala wasintha n'kuthamanga kudzatiitana, komanso dalaivala wa ambulansi yemwe sanandidandaulirepo pomudzutsa pakati pa usiku. Ngati pali pomwe ndinalakwira wina ndi mawu aukali nthawi yomwe ntchito inatipanikiza, ndikupempha andikhululukire. Sikunali kudana.

Nambala yanga ya foni sisintha, ndipo yemwe adzalowe m'malo mwanga akhale womasuka kundiimbira pa chilichonse chomwe sichikumveka m'mabuku. Pa tchuthi cha Disembala ndidzabwera kudzaona ana kumudzi, ndipo mukadzandilola ndidzathandizako mashifiti angapo ausiku kuti anzanga adzapumeko pa Khirisimasi.

Ndidikira kalata yanu yovomereza, komanso tsiku lomwe mungakonde kuti tiwerengere limodzi mankhwala.

Ambuye akusungeni, Amayi.

Ine mwana wanu pantchito,

Sisitala Nachisale
Namwino ndi Mzamba, Wodi ya Amayi Oyembekezera