Umboni wa lamulo la tcheni wosagwa ngakhale g(x) − g(a) itakhala ziro

Thiyoremu. Titenge fankishoni g yomwe ili ndi derivetivi pa nambala a, ndi fankishoni f yomwe ili ndi derivetivi pa b = g(a). Zikatero, h(x) = f(g(x)) nayonso ili ndi derivetivi pa a, ndipo

h′(a) = f′(b) · g′(a).

Monga mwa nthawi zonse, g ikugwira ntchito pa manambala onse oyandikana ndi a mbali zonse ziwiri, ndipo f ikutero pa oyandikana ndi b.

Njira yachidule ndi pomwe imagwera. Ambiri a inu munaphunzira kulemba chonchi:

[h(x) − h(a)] / (x − a) = [f(g(x)) − f(b)] / [g(x) − b] · [g(x) − b] / (x − a),

kenako n'kutenga limiti x ikamayandikira a. Ganizo lake ndi labwino, koma tagawa ndi g(x) − b osafunsa ngati si ziro. Limiti imatilonjeza chinthu chimodzi chokha, choti x ≠ a. Za g(x) ≠ g(a) sinenapo kanthu.

Musaganize kuti vutoli limangobwera g ikakhala nambala yosasintha. Taonani iyi: g(x) = x² sin(1/x) pamene x ≠ 0, ndipo g(0) = 0. Derivetivi yake pa 0 ilipo, chifukwa g(x)/x = x sin(1/x), yomwe kukula kwake sikuposa |x|, choncho g′(0) = 0. Komatu g ndi ziro pa x = 1/(nπ) kwa n = 1, 2, 3 mpaka kalekale. Kaya muyandikire 0 chotani, mudzapezabe malo pomwe mzere uli pamwambawu ukugawa ndi ziro. Thiyoremu ndi yoona pa g imeneyi, koma njira yachidule ija yalephera kuitsimikiza.

Umboni. Tipange fankishoni yothandizira φ motere:

φ(u) = [f(u) − f(b)] / (u − b) pamene u ≠ b,
φ(b) = f′(b).

Pali zinthu ziwiri zofunika kudziwa za φ. Choyamba, ndi yosaduka pa b. Kunena kuti f ili ndi derivetivi pa b ndiko kunena kuti φ(u) → f′(b) pamene u → b, ndipo ife taika dala f′(b) yomweyo pamalo pomwe panali bowo. Chachiwiri,

f(u) − f(b) = φ(u) · (u − b) kwa u aliyense.

Ngati u ≠ b, tangochulukitsa mbali zonse ndi u − b. Ngati u = b, kumanzere kuli 0, kumanjanso kuli f′(b) · 0 = 0. Mtima wa umboni wonse uli pamenepa: kugawa kwasanduka kuchulukitsa, ndipo kuchulukitsa ndi ziro sikuletsedwa. Kalembedwe aka ka derivetivi kamadziwika ndi dzina la Constantin Carathéodory, katswiri wa masamu wachigiriki.

Poti g ili ndi derivetivi pa a, ndi yosaduka pa a, kotero x ikakhala pafupi ndi a, g(x) imagwera pomwe f ikugwira ntchito. Tiike u = g(x), ndipo tigawe ndi x − a, yomwe tikudziwa kuti si ziro:

[h(x) − h(a)] / (x − a) = φ(g(x)) · [g(x) − g(a)] / (x − a).

Chigawo chachiwiri cha kumanja chikupita ku g′(a), malinga ndi tanthauzo la derivetivi. Choyambacho ndiye chofuna kuchigwira mosamala, ndipo ndikupemphani kuti pamayeso musachilumphe. Titenge ε > 0. Poti φ ndi yosaduka pa b, pali η > 0 yoti |u − b| < η ikupereka |φ(u) − f′(b)| < ε, ndipo izi zikuphatikiza u = b yemwe. Poti g ndi yosaduka pa a, pali δ > 0 yoti |x − a| < δ ikupereka |g(x) − b| < η. Tikalumikiza ziwirizi, |φ(g(x)) − f′(b)| < ε kwa x aliyense wotere, kaya g(x) wafanana ndi b kapena ayi. Tikanangokhala ndi limiti ya φ popanda kuika φ(b) = f′(b), sitepe iyi ikanakanika pa x yemwe g(x) = b.

Choncho φ(g(x)) → f′(b). Zigawo zonse ziwiri zili ndi limiti, ndiye limiti ya kuchulukitsa kwawo ndi f′(b) · g′(a), ndipo imeneyi ndiyo h′(a). ∎

Tiyese pa g yovuta ija. Titenge f(u) = u² + 3u, a = 0, b = 0. Apa φ(u) = u + 3 pamene u ≠ 0, ndipo φ(0) = f′(0) = 3. Pa x = 1/(nπ), pomwe njira yachidule imapereka 0/0, kumanzere tili ndi h(x)/x = 0, kumanja tili ndi 3 · 0 = 0. Kwa x ≠ 0 aliyense, h(x)/x = [x² sin(1/x) + 3] · x sin(1/x), yomwe ikupita ku 3 · 0, kotero h′(0) = 0.